Tsamba limodzi lopempha kuti agule masheya a sitolo

Ndalama za penshoni zimene amakudulani pa malipiro sizikhala phee. Pali anthu oyang'anira thumba limene zimalowamo, ndipo ntchito yawo ndi kuziika pamene zingaswane. Anthu amenewa asanagule masheya a kampani iliyonse, katswiri wina amene wakhala akufukula mabuku a kampaniyo amawalembera kalata yachidule, imene m'maofesi amangoitchula kuti memo. Ambiri amafuna kuti ikwane tsamba limodzi. Mabuku a pachaka a kampani amatha kukhala ndi masamba oposa zana, koma pa tsamba limodzi wolemba alibe pobisala. Ayenera kunena chimene akufuna kuti chichitike, chifukwa chake, ndi chimene chingasonyeze kuti walakwitsa.

Tiyerekeze kuti kampaniyo ili ndi masitolo 80 ogulitsa zakudya ndi katundu wa m'nyumba. Si chimphona, komanso si golosale ya pakona. Mzere woyamba wa memo umanena mosazungulira kuti tigule, sheya imodzi lero ili pa K60, ndipo tikuyembekeza kuti ifika K84 m'miyezi 18. Umanenanso kuchuluka kwa ndalama zoti ziikidwepo, mwina magawo awiri pa 100 alionse a thumba lonse. Wolemba amene amasunga mfundo imeneyi mpaka kumapeto amatopetsa anthu amene ali ndi mapepala ena khumi patebulo.

Kenako pamabwera funso lakuti kampaniyo imapeza bwanji phindu. Apa ndi pamene bizinesi ya masitolo imadabwitsa ambiri. Pa K100 iliyonse yolowa pakauntala, tinene kuti K78 imapita kwa amene anabweretsa katunduyo. Pa K22 yotsalayo pachoke lendi, malipiro a antchito, magetsi, mafuta a jenereta ndi a malole, komanso katundu wobedwa ndi wowola, zonse pamodzi K18. Chotsala ndi K4 yokha. Ndiye ngati lendi ndi malipiro zakwera ndi K1 pa K100 imeneyo, mitengo ya pashelefu osasintha, phindu latsika kuchoka pa K4 kufika pa K3. Gawo limodzi mwa magawo anayi lapita, pamene wogula sanaone kusintha kulikonse m'sitolomo. Memo yosatchula kupyapyala kumeneku ine sindiikhulupirira.

Nambala imene imanyenga kwambiri ndi ya kukula kwa malonda. Kampani ikhoza kulengeza kuti yagulitsa zochuluka ndi 30 peresenti kuposa chaka chatha, anthu n'kuomba m'manja. Woyang'anira thumba wodziwa ntchito amafunsa kuti masitolo analipo angati chaka chathacho. Ngati anali 64 ndipo pano ndi 80, ndiye kuti kukula kwambiriko kwabwera chifukwa chotsegula atsopano, zimene aliyense wokhala ndi ngongole yaikulu angachite. Chofunika ndi malonda a masitolo okhawo amene analipo zaka zonse ziwiri. Nambala imeneyi nayonso iyenera kuikidwa pambali pa kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati masitolo akalewo akweza malonda ndi 8 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 20 peresenti, ndiye kuti matumba a shuga ndi mabotolo a mafuta ophikira otuluka pakhomo achepa, ngakhale ndalama zikuoneka zambiri. Koma ngati akweza ndi 24 peresenti, ogula akuwonjezekadi, ndipo wolemba memo ali ndi poimira. Kwa ife kuno kwathu, kumene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyanitsa kumeneku si nkhani ya m'kalasi ayi.

Chachiwiri ndi ndalama zenizeni zimene zili m'manja. Sitolo yoyenda bwino imagulitsa katundu wake isanamulipire amene anaubweretsa. Ngati katundu amakhala pashelefu masiku 40 koma kampani imalipira pakatha masiku 55, ili ndi masiku 15 ogwiritsa ntchito ndalama za eni popanda chiwongoladzanja. Ichi ndi chimodzi mwa zokoma za bizinesiyi. Koma masiku 40 aja akayamba kukwera kufika 50, kenako 60, pamene mabuku akupitiriza kuonetsa phindu lokula, pali pofunika kuima. Mwina katundu sakuyenda ndipo adzagulitsidwa motchipa, mwinanso katundu wolembedwa m'mabukuyo ndi wochuluka kuposa amene ali mosungira. Phindu la papepala limadalira mtengo umene kampani yaika pa katundu wotsala, pomwe ndalama za ku banki sizinama motero.

Nkhani ya Choppies ndi yoyenera kuikumbukira pano. Kampaniyi inayambira ku Lobatse m'dziko la Botswana, inalowa pa msika wa masheya wa dzikolo mu 2012 ndi wa ku Johannesburg mu 2015. Inatsegula masitolo ku South Africa, Zimbabwe, Zambia, Kenya, Tanzania ndi Mozambique, ndipo chiwerengero cha masitolo ndi malonda onse zinkakwera chaka ndi chaka. Mu 2018 inalephera kutulutsa mabuku ake ofufuzidwa pa nthawi yake, mtengo wa sheya unagwa kwambiri, kenako misika yonse iwiri inaimitsa kugula ndi kugulitsa masheya ake mpaka 2020. Amene anali nawo sakanatha kutuluka ngakhale atafuna. Kampaniyo inapulumuka, koma itachoka ku South Africa, Kenya, Tanzania ndi Mozambique. Memo yowerenga masitolo atsopano okha ikanakopa anthu mosavuta. Yofunsa kuti dziko lililonse likubweza zingati pa ndalama zimene zathiridwamo ikanapangitsa oyang'anira kuganiza kawiri.

Tsopano mtengo. Kampani yabwino ikhoza kukhala yodula mopitirira, choncho memo iyenera kuonetsa kumene K84 ija yachokera. Tinene kuti sheya iliyonse inapeza phindu la K6 chaka chatha. Pa K60, wogula akulipira phindu la zaka 10, pamene makampani ofanana nayo akugulidwa pa phindu la zaka 14. Wolemba akuyembekeza kuti phindu lifika K7, ndipo msika ukayamba kuikhulupirira kampaniyo udzalipira zaka 12. K7 kuchulukitsa ka 12 ndi K84, kukwera kwa 40 peresenti. Wolemba woona mtima amaikanso mbali inayo pa tsamba lomwelo. Phindu likatsikira pa K4 ndipo msika n'kukhalabe pa zaka 10, sheya idzakhala pa K40. Oyang'anira akuona tsopano kuti akhoza kupeza K24 kapena kutaya K20, ndipo mkangano wawo ukhala wa chimene chili pafupi kuchitika pa ziwirizi. Ayeneranso kuuzidwa chifukwa chimene ena akuigulitsira motchipa chonchi, pakuti ogulitsawo si opusa.

Pali vuto lina la makampani apakatikati limene limaiwalika. Masheya awo sagulidwa ambiri patsiku. Ngati thumba likufuna masheya 2 miliyoni pamene patsiku amasinthana manja 50,000 okha, ndiye kuti ngakhale litamagula onse a tsiku lililonse lingatenge masiku 40 a msika, mtengo ukukwera chifukwa cha kugula kwake komweko. Potuluka zimavuta kuposa pamenepo, chifukwa tsiku limene thumba likufuna kugulitsa ndi lomwe enanso akuthawa.

Mizere yotsiriza ya memo imatchula zizindikiro zogulitsira, ndipo imazitchula ndi manambala. Malonda a masitolo akale akatsalira kumbuyo kwa kukwera mitengo m'malipoti awiri otsatizana, tigulitsa. Masiku a katundu pashelefu akadutsa 55, tigulitsa. Mabuku akachedwa kutuluka kapena owafufuza akatula pansi ntchito, tigulitsa osadikira kufotokoza kwa akuluakulu a kampani. Zimenezi zimalembedwa asanagule ngakhale sheya imodzi, chifukwa munthu akaika kale ndalama amapeza zifukwa zambiri zodikirira mwezi wina. Pakatha chaka, oyang'anira amatulutsa tsamba lija m'faelo n'kuliika pambali pa lipoti latsopano la kampaniyo, n'kuona mzere ndi mzere zimene zachitika ndi zimene sizinachitike.