Mwana Wosakhazikika M'kalasi: Ndi ADHD, Nkhawa, Mantha Kapena Tulo?

Nthawi ili 9 koloko m'mawa m'kalasi ya Sitandade 3. Mphunzitsi akulemba masamu pa bolodi, koma kumbuyo kuli mnyamata amene wanyamuka kale kanayi. Wakasongola pensulo yosongoka kale, watsina mnzake, wayankha funso lisanathe kufunsidwa, ndipo tsopano akusuzumira pawindo. Dzina lake lenileni layamba kuiwalika, poti aliyense amangomutchula kuti wopulupudza uja. Kunyumba mayi ake akuti ndi nkhutukumve, pomwe azakhali ake a m'tauni akuti mwanayu ali ndi ADHD.

Azakhaliwo akhoza kukhala kuti alondola. Koma kutakataka kuli ngati kutentha thupi: kumangosonyeza kuti chilipo chavuta, sikutchula matenda. Mwana wa ADHD, mwana wankhawa, mwana amene adaona zoopsa ndi mwana amene sagona mokwanira, onsewa amaoneka ofanana akakhala pa desiki. Amasiyana munthu akafunsa mbiri yawo.

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kukhala malo amodzi ndiponso kudzigwira asanachite kanthu. Limayenda kwambiri m'magazi, ndipo limapezeka mwa ana pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse. Si lachilendo ayi: dokotala wa ana wa ku London, George Still, adafotokoza za ana otere mu 1902. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu komwe kumalionetsa. Madokotala amatsata ndondomeko yonga ya m'buku la DSM-5 lomwe lidatuluka ku Amereka mu 2013. Bukuli limati zizindikiro zikhale zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitatha miyezi 6 kapena kuposera, zikuoneka m'malo awiri kapena ambiri, ndipo zikumusokonezadi pa maphunziro kapena pokhala ndi anzake. Limanenanso kuti pasakhale vuto lina lofotokoza bwino khalidwelo.

M'ndondomeko imeneyi muli mafunso atatu amene kholo ndi mphunzitsi angafunse okha. Zidayamba liti? Zimachitikira kuti? Nanga n'chiyani chimazikulitsa kapena kuzichepetsa?

Pa mwana wa ADHD, palibe amene amakumbukira tsiku lomwe zidayamba. Agogo amati chibadwire ndi wotero: ku mkombaphala sankakhala pa mkeka, ku Sande sukulu n'chimodzimodzi, akamutuma mchere ku golosale amabwerako ndi sopo kapena chimanjamanja. Amataya makope, amadula anzake mawu, amalephera kudikira pamzere wa phala. Chomwe chimasokoneza makolo n'chakuti mwana yemweyo amatha ola lonse akupinda galimoto la mawaya. Zimenezi sizitsutsa ADHD, chifukwa chinthu chomusangalatsa chimamugwira, pomwe ntchito yotopetsa imamupulumuka ngakhale atafunitsitsa kuimaliza.

Mwana wankhawa maganizo ake sabalalika chisawawa. Amathamangira ku chinthu chimodzi chomwe akuchiopa. Akamagwedeza miyendo ndi kutafuna pensulo, mumtima akudzifunsa ngati amuloze kuti awerenge pamaso pa anzake, kapena ngati akawapeze mayi ake ali bwino poweruka. Thupi limamuulula: m'mimba mumamupweteka Lolemba m'mawa koma Loweruka ali bwinobwino, mtima umagunda, amapempha kupita kuchimbudzi nthawi ya mayeso. Kope lake limanenanso zambiri. La mwana wa ADHD limakhala ndi mafunso odumphidwa ndi zolakwa za phuma, pomwe la mwana wankhawa limang'ambika chifukwa chofufuta kawirikawiri, ndipo samaliza poopa kulakwitsa. Akakhala pamalo pomwe mtima wake uli m'malo, monga kwa agogo patchuthi, amakhazikika.

Mwana amene adakumana ndi zoopsa amakhala ndi mbiri ya magawo awiri: momwe adalili kale, ndi momwe alili chichitikireni chinthucho. Taganizani za ana a ku Chilobwe mu Blantyre amene adaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mwana wotere mvula ikayamba kugunda pa malata a kalasi sangamvenso za masamu. Amayang'ana kukhomo, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amapsa mtima msanga, nthawi zina amangoti kakasi ngati wachoka m'thupi mwake. Usiku amalota zoopsa, ena amayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale, ndipo masewera awo amabwereza zomwe adaona. Maso a mwana wa ADHD amatsata chilichonse chosangalatsa, pomwe a mwana uyu amasakasaka kumene ngozi ichokere.

Povuta ndi pamene zoopsazo sizidachitike tsiku limodzi. Mwana amene wakulira m'nyumba ya ndewu, kapena amene akuchitidwa nkhanza mobisa, alibe nthawi yakale yoti munthu ayerekeze nayo, ndipo amafanana kwambiri ndi wa ADHD. N'chifukwa chake wachipatala wodziwa ntchito amapeza mpata wocheza ndi mwanayo payekha. Pakakhala chikayiko cha nkhanza, nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane ilipo m'Malawi muno.

Tulo ndiye amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndiwo osavuta kufufuza. Munthu wamkulu akasowa tulo amasinza, koma mwana wamng'ono nthawi zambiri amachita kutakataka ndi kukwiyakwiya, ngati akulimbana ndi tulo take. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Amene amagona 10 koloko usiku podikira nsima kapena kuonera kanema, n'kudzuka 5 koloko kuti atunge madzi asanapite kusukulu, wagona maola 7 okha. Wina amagona msanga koma tulo take ndi todukaduka chifukwa cha udzudzu, nsikidzi, mphere kapena chifuwa cha mphumu.

Palinso mkonono. Mwana amene amaliza mkonono usiku uliwonse, kugona kukamwa kuli yasa ndi kumaleka kupuma kwa kamphindi, akhoza kukhala ndi matonsilo otupa amene akutseka njira ya mpweya. Mu 2006, Ronald Chervin ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan adafalitsa zotsatira za ana 78 amene adachitidwa opaleshoni yochotsa matonsilo. Mwa iwo, 22 adali ndi zizindikiro zokwanira kuti atchedwe a ADHD opaleshoni isanachitike. Patatha chaka, theka la ana amenewa silinkafikanso pa mlingowo. Kafukufukuyu adali wa ana ochepa, koma akusonyeza chifukwa chake dokotala amayamba wafunsa za usiku asanaweruze za masana.

Tibwerere kwa mnyamata uja, ndipo tiyerekeze kuti ali ndi zaka 8. Mayi ake ndi mphunzitsi agwirizana kusunga kope kwa masabata awiri. Mayi akulemba nthawi yomwe wagona, yomwe wadzuka, ngati analiza mkonono kapena kubwebweta, ndiponso ngati anadya asanapite kusukulu. Mphunzitsi akulemba nthawi yomwe kutakataka kwayamba, phunziro lomwe linalipo, ndi chomwe chinachitika mphindi zochepa m'mbuyo mwake.

Kope likusonyeza kuti amagona cha m'ma 10 koloko, kudzuka 5:30, ndipo amaipiraipira ikamakwana 11 koloko. Mkonono palibe, maloto oopsa palibe, m'mimba simumupweteka. Banja liyamba kumupatsa chakudya msanga kuti 8 koloko azikhala atagona, ndipo mphunzitsi amusamutsira kutsogolo, kutali ndi windo. Pakutha masabata anayi, kukwiyakwiya kwatha ndipo ndewu zachepa. Koma akudumphabe mafunso, wataya kope lachiwiri, ndipo mphunzitsi wake wa Sitandade 1 atafunsidwa akuti adali wotero kuyambira tsiku loyamba, monganso akunenera a ku Sande sukulu. Apa tulo tinali gawo chabe la vutolo. Zotsalazo n'zakale, zili paliponse, ndipo sizidikira chomuopsa, choncho mwanayu ndi woyenera kukaonedwa ngati ali ndi ADHD.

Kope likadasonyeza kuti zonse zidayamba teremu yachiwiri bambo ake atamwalira, kapena kuti zimabuka pa phunziro la kuwerenga lokha, njira ikadakhala ina. Kutakataka kwa pa phunziro limodzi kumaloza ku nkhawa, ku vuto la kuwerenga, kapena ku maso osaona bwino pa bolodi.

Kuchipatala amayeneranso kuyeza makutu ndi maso, kuona ngati magazi ndi ochepa, ndi kufunsa za matenda akale. Mtundu wina wa khunyu sugwetsa mwana pansi: amangoti duu kwa timphindi tochepa osayankha ngakhale akhudzidwe, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Malungo a mu ubongo nawo amasiya chipsera. Kafukufuku wa Gretchen Birbeck ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, adapeza kuti ana ena amene adachira malungo amenewa adayamba khunyu kapena khalidwe losokoneza pambuyo pake. Msinkhu nawo uwerengedwe, chifukwa m'kalasi ya ana oposa 80 osiyana zaka, wamng'ono kwambiri amaoneka wopulupudza pomwe akungochita za msinkhu wake.

Kusiyanitsaku kuli ndi malire, poti mavutowa amayendera limodzi. Mwana wa ADHD amene amakalipiridwa tsiku ndi tsiku amayamba nkhawa, ndipo ambiri a iwo amavutika kupeza tulo. Koma kulakwitsa dzina kumapweteka mwana. Mankhwala odziwika a ADHD, methylphenidate, amathandiza ana ambiri amene alidi ndi vutoli, koma amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo amatha kuchedwetsa tulo. Sangachotse matonsilo otupa kapena kuletsa nkhanza za kunyumba. Mwana wankhawa amafunika uphungu womuzoloweza pang'onopang'ono zomwe amaopa, ndipo wa zoopsa amafunika chitetezo poyamba, uphungu pambuyo. Chikwapu sichichiza aliyense wa iwo, ndipo kwa mwana wamantha chimawonjezera moto.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma cha m'dera, pomwe achipatala oona za matenda a maganizo angatumize mwana ku Queen Elizabeth, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi a mnyamata uja akamapita, atenge kope la masabata aja, buku lake la kuchipatala, malipoti a sukulu kuyambira Sitandade 1, ndi kalata yaifupi ya mphunzitsi yonena zomwe zidasintha mwanayo atayamba kugona 8 koloko ndi zomwe zidatsala.