Kusintha dzina pa chikwangwani chakale cha pa chithunzi

Golosale ina yagulidwa ndi munthu watsopano. Pamwamba pa khomo pali chikwangwani cha thabwa chomwe chapsa ndi dzuwa kwa zaka zambiri, mawu akuti TIYESE olembedwa ndi penti wofiira mopindika ngati uta, ndipo m'munsi mwake muli GROCERY & HARDWARE m'zilembo zing'onozing'ono. Mwini watsopanoyu akufuna dzina loti TIYAMIKE. Asanalipire wolemba zikwangwani, wapita ndi chithunzi cha pa foni kwa mnyamata wokonza zithunzi pa kompyuta kuti aone mmene dzinalo lingakhalire pa thabwa lomwelo. Ntchito yotere imafunikanso kwa okonza zikuto za mabuku ndi opanga mafilimu, amene safuna kuti dzina lenileni la sitolo ya munthu lioneke.

Anthu ambiri akapatsidwa ntchitoyi amathamangira kufunafuna fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo za pa kompyuta, yofanana ndi ya pa chikwangwanicho. Zida zake zilipo: WhatTheFont pa intaneti, kapena `Match Font` mu Photoshop. Zimathandizadi ngati chikwangwani chinasindikizidwa ndi makina. Koma zikwangwani zambiri za m'misika yathu, kaya ku Limbe, ku Mchesi kapena pa Jenda, zinalembedwa ndi munthu atagwira burashi atakwera pa benchi. Zilembo zake sizipezeka mu kompyuta iliyonse. Ma E awiri a m'mawu akuti TIYESE safanana ndendende, ndipo kusafanana kumeneko ndiko kumauza diso kuti apa panadutsa dzanja la munthu. Choncho malo oyamba kufunako zilembo ndi pa chikwangwani pomwepo.

Tiyeni tiwerenge. TIYAMIKE akufuna T, I, Y, A, M, I, K ndi E. Zinayi mwa izi, T, I, Y ndi E, zilipo kale pa mzere wapamwamba, ndi penti wake, ndi zipsera zake. Mumangozidula n'kuika chilichonse pa `Layer` yakeyake, ngati mapepala oonekera osanjikizana amene mungasunthe limodzi osakhudza linzake. I wachiwiri musangomukopera: mutalikitseni pang'ono kapena kumusintha zipsera, chifukwa ma I awiri okhala ndi banga lofanana pamalo ofanana amaulula zonse. A alipo m'mawu akuti HARDWARE, koma ndi wamng'ono, ndipo mukamukuza kawiri amatuluka wa mbuu pafupi ndi anzake. Bwino mumugwiritse ntchito ngati chitsanzo, muone kutalika kumene mlembi amaikapo kamtanda kapakati, kenako mujambule A watsopano ndi chida cha `Paths`. K mumamumanga: mwendo woongoka kuchokera kwa I, dzanja lapamwamba kuchokera kwa Y, mwendo wotsetsereka potengera R. Pa M pali msampha. Anthu amatembenuza W chadodolido n'kumati zatheka, koma W ali ndi miyendo yotangadza, pamene M wa alembi ambiri amaima ndi miyendo iwiri yoongoka. Ma I awiri ndi mizere iwiri yokumana pakati zimapereka M wabwino kuposa W wozondoka.

Maina a zida amene ndikutchula ndi a GIMP, pulogalamu yaulere imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba mu 1995. Wa Photoshop kapena Photopea apeza zofanana nazo pansi pa maina ena.

Musanadule chilembo chilichonse pali zinthu ziwiri. Choyamba, pemphani chithunzi chenicheni. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafika chitachepetsedwa, timing'alu ta penti titasanduka phala. Auzeni atumize ngati `Document`. Chachiwiri, ongolani chikwangwanicho. Wojambula anaima pansi n'kuloza foni m'mwamba, mwinanso chapambali, ndiye thabwa lomwe ndi la ngodya zinayi zolungama laoneka lopanikizika mbali imodzi. Koperani gawo limenelo, tengani `Perspective`, sankhani `Corrective (Backward)`, ikani ngodya zinayi za chidacho pa ngodya za thabwa. Likhala ngati mwaima maso ndi maso nalo. Ntchito yonse ya zilembo ichitikire pamenepo, ndipo pomaliza mubwezere zilembo zatsopano zokhazo pa chithunzi choyamba ndi chida chomwecho. Wolumpha sitepe iyi amavutika usiku wonse ndi uta umene sukugwirizana, osadziwa kuti uta woonedwa chapambali sukhalanso chidutswa cha bwalo lenileni.

Pa kupindikako, yang'anitsitsani zilembo za kumapeto, T woyamba ndi E womaliza. Alembi amapinda mawu m'njira ziwiri. Ena amapendeketsa chilembo chilichonse kuti chitsate uta, cha kumanzere chigonere kumanzere, cha kumanja chigonere kumanja. Ena amasiya miyendo yonse ili chilili, n'kungokweza zilembo za pakati. Mu `Warp Text` ya Photoshop njira yoyamba ndi `Arc`, yachiwiri ndi `Arch`, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi cholakwa chomwe ngakhale munthu wosadziwa kompyuta amachiona, angakhale sangathe kunena chalakwika n'chiyani. Tinene kuti pa chikwangwani chathu zilembo zimapendekeka, T wagonera kumanzere madigiri 20, E kumanja madigiri 20. Zilembo zisanu ndi chimodzi zinagawana madigiri 40 amenewo, chilichonse kusiyana ndi chinzake pafupifupi madigiri 8. Zilembo zisanu ndi zitatu zidzasiyana pafupifupi madigiri 6. Ndiye ngakhale I ndi Y, amene dzina latsopano lawasunga, sangakhale pomwe anali. Ayenera kusendera kumanzere ndi kupendekeka mowonjezera. Jambulani mizere iwiri yotsogolera ndi `Paths`, umodzi wotsata mapazi a zilembo zakale, wina wotsata mitu yake, kuti chilembo chilichonse chatsopano chikhudze yonse iwiri. Ngati chikwangwani n'chosindikizidwa ndipo fonti mwaipeza, `Text along Path` imayala mawu pa mzere wapansiwo.

Vuto lalikulu ndi malo. Zilembo zisanu ndi zitatu zilowe pomwe panali zisanu ndi chimodzi. Chiyeso ndi kungofinya mawu onse m'mbali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukatero, mwendo woimirira umene unali wonenepa mapikiselo 40 utsala ndi 30, pamene mizere yopingasa ya T ndi E ikhalabe 40. Burashi ya mlembi siwonda chifukwa dzina latalika. Iye akapanikizika amafupikitsa manja a E ndi T, amachepetsa mipata, koma kunenepa kwa mzere kumakhala komweko. Chitani zomwezo: dulani kachidutswa pakati pa dzanja la E n'kulumikizanso, osati kumufinya yense. Mwamwayi TIYAMIKE ali ndi ma I awiri amene sadya malo, ndipo ngati thabwa lili ndi mpata m'mbali, utawo ukhoza kutalikako pang'ono.

Kufufuta mawu akale kumachitika pa `Layer` ina, osati pa chithunzi choyamba. `Clone` imakopera thabwa loyera la pafupi n'kuphimba chofiira, ndipo `Heal` imasalaza pomwe zigambazo zakumana. Muzisintha pafupipafupi malo otengako, apo ayi mfundo imodzi ya thabwa ioneka katatu motsatana. Tsatani kumene mizere ya thabwa ikulowera. Ndipo onetsetsani m'mphepete mwa chilembo chakale, pomwe pamakonda kutsala kachizimezime kofiirira.

Tsopano pofika pamene ntchito imaphekera kapena kupulumukira. Kusuluka, ming'alu ndi dzimbiri ndi za thabwa lonse, osati za zilembo zokha. Ngati msomali wa pamwamba unatsitsa mzere wa dzimbiri ndi mvula, mzerewo unadutsa pa thabwa ndi pa chilembo pomwe. Ngati thabwa linang'ambika chopingasa, mng'aluwo unadula chilembo chilichonse chomwe chinali pa njira yake. M watsopano akakhala pamwamba pa mng'alu n'kuubisa, kenako mng'aluwo n'kupitirira mbali inayo, diso limazindikira msanga kuti M wabwera mochedwa. N'chifukwa chake sindikhulupirira zithunzi za penti wokalamba zotsitsa pa intaneti zomwe ena amayala pamwamba pa mawu. Zimakalambitsa zilembo, inde, koma ndi ukalamba wa khoma lina.

Njira yabwino ndi kutenga zipsera pa thabwa lomwelo. Koperani thabwa lofufutidwa lija, lichotseni mitundu ndi `Desaturate`, kenako ndi `Levels` kokani mpaka ming'alu ndi mabowo zide bii, thabwa labwinobwino liyere. Chithunzi chakuda ndi choyerachi chiikeni mu `Layer Mask` ya zilembo zomwe mwajambula. Mu chigoba chimenechi chakuda chimabisa, choyera chimaonetsa, ndiye penti watsopano amasoweka ndendende pomwe thabwa lawonongeka. Mukaikanso zilembozo pa `Multiply`, mithunzi ndi mizere ya dzimbiri zimaonekera kudutsa mu pentiyo. Koma `Multiply` imangodetsa; imagwira pa zilembo zofiira kapena zakuda pa thabwa loyera, ndipo zilembo zoyera pa thabwa la buluu zimasoweratu. Pamenepo siyani `Normal` n'kutsitsa `Opacity` pang'ono. Chikwangwani chikakhala cha lata la mizeremizere, `Displace` imapotoza zilembo kuti zikwere ndi kutsika ndi latalo.

Mtundu nawo musausankhe ndi maso. Penti wofiira amasuluka msanga padzuwa, ndipo amene akuoneka wofiira m'maganizo mwanu pa chithunzi angakhale wotuwa ngati njerwa. Tengani mtundu pa zilembo zakale ndi `Color Picker` mutatsegula `Sample average`, malo angapo, chifukwa zilembo za pansi pa mthunzi wa khonde zimasunga mtundu kuposa zoonekera padzuwa.

Chotsala ndi kamera. Kuzani chithunzi kufika pa 400% muyerekeze mphepete ya T wakale ndi ya K watsopano. Ya T imasungunuka pa mapikiselo atatu kapena anayi, ya K ndi yakuthwa ngati yodula ndi lumo. `Gaussian Blur` ya pikiselo imodzi kapena imodzi ndi theka kawirikawiri imakwanira. Mukapitirira, K amaoneka ngati ali kutali kuposa thabwa lomwe wakhalapo. Kenako onjezani timadontho ndi `HSV Noise`, popeza chithunzi cha foni chili ndi timchenga paliponse ndipo malo osalala kwambiri amaonekera. Dongosolo ndi lomwelo, kusungunula kaye, timadontho pambuyo, apo ayi mufufuta timadontho tanu tomwe.

Poyesa ngati zatheka, chepetsani chithunzi chifanane ndi mmene chidzaonekere pa foni, kenako chitembenuzeni ndi `Flip Horizontally`. Mawu akasiya kuwerengeka, maso amaleka kuwerenga n'kuyamba kuona chilembo chomwe chada kwambiri kapena chapendekeka chokha. Sungani ntchito yonse ngati `.xcf` ndipo `.jpg` mutulutse kamodzi kokha pamapeto, chifukwa JPEG imataya kenakake nthawi iliyonse ikasungidwanso.

Mawu amodzi kwa amene amachita izi pa malipiro. Kasitomala wofuna kuona dzina asanagule penti palibe vuto. Wina akabwera ndi chithunzi cha sitolo ya mnzake kuti muikepo dzina lake akaonetse kokatenga ngongole, chomwe mukupanga ndi umboni wabodza, ndipo fayilo yake ili mu kompyuta yanu. Kwa mwini TIYAMIKE, mupatseni zithunzi ziwiri, chakale ndi chatsopano, apite nazo kwa wolemba zikwangwani. Mwina iye adzanena kuti thabwalo lafumbwa ndipo pakufunika lina, koma kukula kwa zilembo ndi mipata yake adzayezera pa chithunzi chanucho.