Onani makamera a kunyumba muli kutali, koma musatsekulire aliyense

Mwina munaika kamera pabalaza kuti muziona ana akaweruka kusukulu, kapena m'chipinda cha agogo amene akudwala. Mukatsekula foni muli kuntchito, zonse zimaoneka ndipo mtima umakhala pansi. Koma kodi munafunsapo kuti zithunzizo zimadzera njira iti kuti zikupezeni? Ngati njirayo ndi yosatseka, mlendo amene ali kutsidya kwa nyanja akhozanso kumaona m'nyumba mwanu.

Izi zinachitikapo. Mu 2014, tsamba lina la pa intaneti lotchedwa Insecam linkaonetsa poyera makamera oposa 73,000 a m'mayiko osiyanasiyana. Eni tsambalo sanathyole chilichonse. Makamerawo anali otsekukira ku intaneti, ndipo eni ake sanasinthe pasiwedi imene anabwera nayo kuchokera ku fakitale, monga `admin` kapena `12345`.

Khomo limatseguka bwanji?

Rauta yanu ili ngati mlonda wa pageti. Mwachibadwa, imakana aliyense wakunja amene sanaitanidwe. Koma amisiri ena, pofuna kuti muzionera makamera muli kutali, amalowa mu rauta n'kugwiritsa ntchito `Port Forwarding`. Kumeneku kuli ngati kuuza mlonda kuti aliyense wogogoda pa khomo nambala 80 kapena 554 azimulowetsa mpaka pa kamera. Vuto ndi lakuti pali makompyuta amene usiku ndi usana amangogogoda pa makomo amenewa pa intaneti yonse. Palinso `UPnP`, imene imalola kamera kudzitsekulira yokha khomo inu osadziwa.

Choncho choyamba, lowani mu rauta, fufutani zonse zimene zili pa `Port Forwarding` zoloza ku makamera, ndipo muzimitse `UPnP`. Kenako sinthani pasiwedi ya makamera ndi ya rauta yomwe.

Njira ya inu nokha

Mukatseka makomowo, mumalowa kudzera pa `VPN` yanuyanu. Imeneyi ndi njira yobisika pakati pa foni yanu ndi nyumba yanu, ndipo imadutsika ndi zipangizo zimene mwaziloleza basi. Imodzi yosavuta ndi Tailscale, yomwe safuna kuti mutsekule khomo lililonse pa rauta.

Tiyerekeze kuti muli ndi makamera awiri olumikizidwa ku bokosi lojambulira, ndipo adiresi ya bokosilo m'nyumba ndi `192.168.1.50`. Mufunika kakompyuta kamene kazikhala koyaka nthawi zonse, monga Raspberry Pi, kolumikizidwa ku rauta yomweyo. Mmisiri aikepo Tailscale, alole kakompyutako kudutsitsa mauthenga poika `net.ipv4.ip_forward = 1` m'makonzedwe ake okhazikika, kenako alembe:

```
sudo tailscale up --advertise-routes=192.168.1.50/32
```

Ka `/32` kakumapetoko ndi kofunika: kakutanthauza kuti njirayi ikufika pa bokosi la makamera lokha, osati pa zipangizo zonse za m'nyumba. Mukatero, vomerezani njirayo pa akaunti yanu ya Tailscale, ikani Tailscale pa foni ndi akaunti yomweyo, ndipo mu pulogalamu yoonera makamera lembani adiresi ija ya `192.168.1.50`. Akauntiyo ikhale m'dzina lanu, osati la mmisiri.

Mungadziwe bwanji kuti mwatsekadi?

Zimitsani `Wi-Fi` pa foni kuti izigwiritsa ntchito bandulo. Tailscale ili chozimitsa, yesani kuona makamera. Sakuyenera kuoneka. Kenako yatsani Tailscale, tsopano aoneke.

Akaoneka Tailscale isanayatsidwe, ndiye kuti pali njira ina yotseguka. Kawirikawiri imakhala imene pa bokosi imalembedwa `P2P` kapena `Cloud`, yomwe imadutsitsa zithunzi kapena malumikizidwe ku makina a kampani yopanga makamerawo. Njirayi ndi yabwinoko poyerekeza ndi khomo lotsegula, koma chitetezo chanu chimatsamira pa kampaniyo ndi pasiwedi yanu. Ngati muli ndi njira yanu, izimitseni.

Zimene zimavuta

Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta ikhoza kupatsa bokosi lija adiresi ina, ndipo foni imasowa makamera ngakhale zonse zili bwino. Uzani mmisiri aikhazikitse adiresiyo kuti isamasinthe. Ngati mukufuna kuona ngakhale magetsi atathima, rauta, kakompyuta, bokosi ndi makamera zonse zifunika batire.

Samalaninso bandulo. Kamera imodzi yotumiza pa `2 Mbps` imadya pafupifupi `900 MB` pa ola. Mukasankha `Sub Stream` ya `512 kbps`, imadya pafupifupi `230 MB`, ndipo mungaonebe ngati agogo adzuka kapena ana alowa m'nyumba.

Foni ikabedwa, ichotseni msanga pa akaunti ya Tailscale, chifukwa foniyo ndiyo kiyi. Ndipo kumbukirani kuti loko wa pa intaneti sateteza ulemu wa anthu a m'nyumbamo: auzeni wodwala ndi womusamalira kuti pali kamera, ndipo musaiike kubafa kapena pamene munthu amavulira.