Wina akamadawuniloda, bwanji vidiyo yanu imaima?

Tiyerekeze nyumba ina imene ili ndi intaneti ya mamegabiti 10 pa sekondi polandira ndi mamegabiti 2 potumiza. Mayi ali pa Zoom, akufunsidwa mafunso a ntchito imene akhala akuifunafuna. Kuchipinda mnyamata wawo wayamba kudawuniloda fayilo yaikulu ya magigabayiti 2. Pasanathe mphindi, nkhope ya wofunsa mafunso yauma pa sikirini, mawu akubwera oduladula, ndipo mayi akayankha, yankho likufika mnzawo atayamba kale funso lina. Aliyense m'nyumbamo anganene kuti netiweki yavuta, tiwonjezere ndalama tigule yothamanga.

Komatu kuyankhulana pa vidiyo kwa anthu awiri sikudya zambiri. Chithunzi chooneka bwino chimangofuna megabiti imodzi kapena awiri mbali iliyonse. Pa mamegabiti 10 malo alipo okwanira onse awiri. Chimene chawasokoneza mayiwa ndi mzere wodikira umene sakuuona, ndipo mzere umenewo ungathe kukonzedwa osalipira kwacha ina ku kampani ya intaneti.

Chilichonse choyenda pa intaneti chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo lalikulu kwambiri nthawi zambiri limakhala la mabayiti 1,500. Mapaketi akafika pamalo opanikizika, pamene chingwe chothamanga chikulowa m'chingwe chochedwa, amaikidwa m'kankhokwe kuti adikire. Kankhokwe kameneka kali mu modemu yanu, kalinso m'makina a kampani imene imakupatsani intaneti. Tsono fayilo yodawuniloda ili ndi khalidwe lake. Kompyuta yotumiza siidziwa kukula kwa njira yanu, ndiye imangowonjezera liwiro mpaka paketi lina litatayika, pamenepo m'pamene imazindikira kuti yafika pamalire, n'kubweza moto. Kankhokwe kakakhala kakakulu, paketi silitayika msanga, wotumiza amangothirabe, ndipo kankhokweko kamakhala kodzaza nthawi yonse imene fayilo ikubwera.

Zili ngati kuchigayo. Wina wabwera ndi ngolo ya matumba makumi awiri, inu mwabwera ndi kabeseni ka mgaiwa wa nsima ya madzulo ano. Chigayo chili bwinobwino, chikugaya mwamphamvu. Koma ngati lamulo ndi lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kugayitsa, kabeseni kanu kadikira matumba onsewo.

Tiwerengere pa nyumba ija. Titenge kankhokwe kosunga mapaketi 256. Amenewa ndi mabiti oposa pang'ono 3 miliyoni. Pa njira ya mamegabiti 10, kuti onsewa adutse pamafunika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, mamilisekondi 300. Mawu aliwonse a wofunsa mafunso uja akudikira nthawi imeneyi kumbuyo kwa fayilo. Mbali yotumiza ndiye koopsa. Foni ina m'nyumbamo ikayamba kukweza zithunzi ku Google Photos, kankhokwe komweko pa mamegabiti 2 kamatenga sekondi imodzi ndi theka. Bungwe loona za mateleforoni padziko lonse la ITU linalangiza kuti mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa pa wina kufika m'khutu la mnzake, ngati tifuna kuti kucheza kuzimveka kwachibadwa. Sekondi ndi theka ndi kakhumi kuposa pamenepo. Fayilo ikachedwa sekondi palibe amene amadziwa, koma mawu ofika mochedwa ndi otayika basi, pulogalamu imawataya chifukwa nthawi yawo yadutsa.

Vutoli lili ndi dzina limene mungalembe pofufuza: bufferbloat. Analipatsa dzinali ndi injiniya wa ku America, Jim Gettys, m'chaka cha 2010, ataona intaneti ya kunyumba kwake ikuchedwa modabwitsa nthawi iliyonse imene ankatumiza mafayilo aakulu.

Musanasinthe chilichonse, yesani muone ngati matenda anu ndi amenewa. Pa kompyuta ya Windows tsegulani Command Prompt, nyumba ili chete, mulembe:

```
ping -n 30 8.8.8.8
```

Yang'anani manambala a time. Tinene kuti akuzungulira pa 40ms. Kenako yambitsani kudawuniloda fayilo yaikulu, mubwereze lamulo lomwelo. Manambala akalumpha kufika 300 kapena 400, n'kutsikanso fayilo ikatha, ndiye kuti mwaupeza mzere uja. Akakhala okwera kapena osakhazikika ngakhale pamene palibe akudawuniloda, vuto lili kwina, mwina Wayifayi yofooka kapena nsanja ya netiweki yodzaza, ndipo zimene ndikufotokozazi sizikuthandizani kwenikweni. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesa kompyuta italumikizidwa ku rauta ndi chingwe.

Marauta ambiri ali ndi tsamba lolembedwa QoS. Pa akale, tsambali limakuuzani kuti musankhe chipangizo kapena pulogalamu yoti izitsogola. Ambiri amasankha laputopu ya mayi, kuika High, kenako n'kudabwa kuti palibe chasintha. Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndicho chinthu chimodzi chimene ndikufuna mutole m'nkhani ino: rauta ingathe kukonza mzere umene uli m'manja mwake wokha. Chingwe chochoka ku rauta kupita ku modemu n'chothamanga kwambiri, kotero mapaketi saima pa rauta n'komwe. Amangodutsa n'kukaunjikana mu modemu kapena ku kampani, kumene lamulo lanu la High silifika. Rauta yaika mayi patsogolo pa mzere umene kulibe.

Mankhwala ake amaoneka ngati kudzilanda. Mumauza rauta kuti iziyendetsa zinthu pa liwiro lochepera pang'ono limene njira yanu ingakwanitse. Ikatero, malo opanikizika kwambiri amasamukira mu rauta yanu, kankhokwe ka modemu kamakhala kopanda kanthu, ndipo mzere wonse umabwera pamene inu muli ndi ulamuliro. Mwalipira mamegabiti 10, mukudziletsa pa 9. Fayilo ya mnyamata uja imene ikanatenga mphindi pafupifupi 27 itenga mphindi 30. Ine ndimaona kuti mphindi zitatu n'zotchipa zedi pogula mawu omveka a mayi.

Mzere ukafika mu rauta, pamafunika woukonza wanzeru. M'chaka cha 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yotchedwa CoDel, imene siiwerenga kuchuluka kwa mapaketi koma nthawi imene paketi lakhala likudikira. Kudikirako kukapitirira mamilisekondi 5 kwa kanthawi osatsika, imataya dala paketi limodzi kuti wotumiza abweze moto msanga. Chaka chomwecho Eric Dumazet anaiphatikiza ndi nzeru ina n'kupanga fq_codel: m'malo mwa mzere umodzi, ntchito iliyonse imakhala ndi mzere wakewake, ndipo rauta imatapa pang'ono pa uliwonse mosinthana. Kuchigayo kuja, wa matumba agayitsa ndowa imodzi, wa kabeseni alowe, wa matumba apitirize. Vidiyo ya mayi imatumiza pang'onopang'ono, mzere wake sudzaza, choncho paketi lake likangofika limadutsa pafupifupi nthawi yomweyo. Chosangalatsa n'chakuti simufunika kuuza rauta kuti iyi ndi Zoom, iyi ndi WhatsApp. Wofuna zochepa amatsogola yekha. Njira ina yotsatira, cake, inalowa mu Linux m'chaka cha 2018, ndipo imachita zonsezi pamodzi ndi kudziletsa liwiro kuja.

Pa rauta yoyendera OpenWrt, zimenezi zimatchedwa SQM. Mumaika pulogalamu ya luci-app-sqm, kenako kupita ku Network, n'kusankha SQM QoS. Yambani mwayeza liwiro lenileni kangapo, masana ndi madzulo, palibe wina akugwiritsa ntchito intaneti. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa lisiti. Tinene kuti mwapeza 10 ndi 2. Tengani 90 pa 100 iliyonse. Mabokosi ake amafuna makilobiti, ndiye pa Download speed mulemba 9000, pa Upload speed mulemba 1800. Pa Interface name sankhani khomo lopita kunja ku modemu, osati la m'nyumba, chifukwa mukasankha la m'nyumba manambala awiri aja amagwira ntchito chosemphana. Pa Queue Discipline sankhani cake ndi piece_of_cake.qos, chongani kabokosi koyatsa, n'kusunga. Marauta ena a m'sitolo ali ndi zofanana pansi pa mayina ngati Smart Queue. Chizindikiro chakuti ndi zenizeni n'chakuti amakufunsani liwiro la mbali zonse ziwiri.

Bwerezani ping ija fayilo ikubwera. Ngati 40 wangokwera kufika 50 kapena 60, mwatha. Ngati akulumphabe, nambala yanu ikadali pamwamba pa liwiro lenileni, tsitsani kufika 8500 muyesenso. Mbali yolandira imafuna kutsitsidwa kwambiri kuposa yotumiza, chifukwa mapaketi olandira amafika kwa inu atadutsa kale pamalo opanikizika. Rauta siingawaletse kubwera, imangotaya ena kuti wotumiza, amene ali kutali, amve n'kuchepetsa.

Pali malire amene ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa akukhudza ambiri a ife kuno kwathu amene intaneti yathu imadzera pa nsanja za mafoni. Njira yonseyi yatsamira pa nambala imodzi yokhazikika, koma 4G siikhazikika. M'mawa mungapeze mamegabiti 20, madzulo anthu onse a m'dera akalowa pa intaneti n'kutsala 4. Mukaika 18000, madzulo rauta siikuletsa kanthu ndipo mzere wabwerera ku nsanja. Mukaika 3600, m'mawa mukutaya liwiro lambiri pachabe. Pali pulogalamu ya cake-autorate imene imasintha nambalayi yokha poyang'ana kuchedwa, koma imafuna munthu wozolowera zamakompyuta. Kwa ena tonse, ikani nambala yogwirizana ndi nthawi imene mumayankhulana pa vidiyo. Dziwaninso kuti SQM siipanga liwiro limene kulibe. Njira yotumiza ikakhala theka la megabiti, chithunzi chizivutabe, ndipo chanzeru n'kuzimitsa kamera kuti mawu okha adutse.

Nanga amene ali ndi kachipangizo ka MiFi kapena rauta ya kampani yopanda tsamba limeneli? Mfundo ndi yomwe ija, kuti njira isadzaze, kungoti mumaigwira pa chipangizo chodawuniloda. Pa Windows, pansi pa Delivery Optimization, mungaike malire a liwiro limene zokonza za Windows zimabwerera. Steam, Google Drive ya pa kompyuta ndi mapulogalamu a matorenti onse ali ndi bokosi la malire a liwiro. Apa samalani ndi muyezo, pakuti ambiri amawerenga mabayiti osati mabiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Mnyamata uja akafuna kutenga mamegabiti 6 mwa 10 n'kusiyira mayi ake 4, pa bokosi la KB/s alembe 750, ndipo foni yokweza zithunzi ija aiimitse kaye mpaka mafunso a ntchito atatha.