Kuchonga pulogalamu yophunzitsira isanabadwe

Pulogalamu ya pafoni imadya ndalama zambiri isanafike m'manja mwa munthu woyamba. Ndiye chifukwa chake anthu oweruza mipikisano ya achinyamata ndi othandiza mabizinesi atsopano amayamba achonga ganizo lenileni likadali papepala. Pa zambiri zimene amayang'ana, zitatu sizisowa: kodi ganizolo likumveka, kodi likusiyana ndi zomwe zilipo kale, nanga likuwakwana anthu omwe alikonzera? Chilichonse chimapatsidwa malikisi, tinene kuyambira 1 mpaka 5. Koma malikisi opanda umboni ndi kungonena zomwe zakusangalatsa, choncho tiyeni tione mmene nambala iliyonse imapezekera.

Titenge ganizo longopeka. Mwini wake walemba kuti: "Pulogalamu yathu idzathandiza ophunzira onse kukhoza bwino maphunziro onse kudzera m'mavidiyo amakono ndi aphunzitsi odziwa ntchito."

Kumveka sikuyesedwa ndi mwini ganizo, chifukwa iye zonse zili kale m'mutu mwake. Uzani anthu asanu chiganizocho kamodzi kokha, aliyense payekha, kenako aliyense afotokoze m'mawu ake kuti pulogalamuyo ndi ya yani, munthu akaitsegula amachita chiyani, ndipo amapindula chiyani. Onse akanena zofanana, malikisi ndi 5. Akanena zinthu zitatu kapena zinayi zosiyana, ndi 2. Ganizo lathuli ligwera pamenepa. Wina aganiza za mwana wa Sitandade 2 amene akuphunzira kuwerenga, wina za wa Fomu 4 amene akudikira mayeso a MSCE. Wina ayesa kuti mphunzitsi amalankhula nawe pompopompo, wina kuti umangoonera zojambula kale. Mawu akuti "onse" ndi "amakono" amamveka bwino m'khutu, koma salozera chinthu chilichonse. Tilipatsa 2.

Pa kusiyana ndi zina, kayesedwe kake n'kosavuta. Chotsani mawu akuti "pulogalamu yathu", muikepo dzina la chinthu chomwe chilipo kale. Chiganizo chikakhalabe choona, ganizolo lilibe chake. Ikanipo Khan Academy, yomwe imapereka mavidiyo a masamu ndi sayansi kwaulere, kapena YouTube. Chiganizo sichisintha. Ambiri amalakwitsanso poganiza kuti opikisana nawo ndi mapulogalamu okhaokha. Wophunzira wa Fomu 4 ali kale ndi mapepala a mayeso akale a MANEB, gulu la anzake pa WhatsApp, ndi mphunzitsi wophunzitsa mwapadera madzulo amene makolo amamudziwa nkhope. Ganizo liyenera kunena chomwe likuchita chimene zonsezi sizichita. Ili silikunena, ndiye 1.

Tsopano mwini uja abwerere akalembenso. Tinene wabwera ndi izi: "Wophunzira wa Fomu 4 wa pasukulu yoyendera amajambula samu yomwe wasova m'kope, n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Pofika mawa madzulo, mphunzitsi amamuyankha ndi uthenga wamawu wosapitirira mphindi ziwiri, kumuonetsa mzere womwe walakwitsa."

Apa anthu asanu aja anena zofanana, kungoti funso la wolipira silinayankhidwe, ndiye tipereka 4. Kusiyana kwake kukuonekanso. Tiyerekeze mtsikana wapatsidwa 2(x + 3) = 14, iye n'kulemba 2x + 3 = 14, mpaka kupeza x = 5.5. Vidiyo ingamuonetse kasovedwe koyenera kambirimbiri, iye n'kumangovomera ndi mutu osaona pomwe wapatukira. Pepala la mayankho lingomuuza kuti yankho ndi 4. Koma mphunzitsi amene waona kope lake amuuza kuti, "Pamzere wachiwiri wachulukitsa x yekha, 3 wamusiya. Pakuyenera kukhala 2x + 6." Chomwe ganizoli likugulitsa ndi diso la munthu pa kope la mwanayo. Komabe sitipereka 5, chifukwa mphunzitsi aliyense wokhala ndi foni angathe kutengera mawa lomwe. Tipereka 4.

Pomwe pamafunika kukhalitsa ndi pa funso lachitatu, pakuti ndi pomwe maganizo okongola amafera. "Anthu omwe alikonzera" kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Pali wophunzira amene adzagwiritse ntchito, mwini foni, ndi wolipira. Mwana wa pasukulu yoyendera akhoza kukhala wopanda foni yakeyake. Amabwereka ya mayi ake kapena ya mlongo wake usiku, mwinanso foniyo ndi ya mabatani yosatha kujambula bwino kope. Kumene kulibe magetsi, kutchaja nako ndi ndalama. Choncho woweruza atsate tsiku la mwanayo n'kufunsa kuti foni imafika m'manja mwake nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ndipo bandulo amagula ndani.

Ganizo loyamba lija likayesedwa motere silipitirira 2. Vidiyo ya mphindi khumi, ngakhale yosaoneka bwino kwenikweni, imadya mamegabaiti makumi angapo, pomwe chithunzi ndi uthenga wamawu wa pa WhatsApp sizifika n'komwe pafupi. Lachiwiri lilinso ndi mwayi woti silifuna kuika pulogalamu yatsopano m'foni yodzaza kale, ndipo kudikira mpaka mawa kukugwirizana ndi foni yobwereka. Mphunzitsi angathe kufotokoza m'Chichewa, uku akusunga mawu a masamu m'Chingerezi momwe adzabwerere pa mayeso. Kulipira kungadzere pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zomwe makolo ambiri amazidziwa.

Chikhalirecho, pali zinthu ziwiri zondiletsa kupereka malikisi apamwamba. Choyamba ndi masamu a mwini ganizo. Ngati kope limodzi limutengera mphunzitsi mphindi zisanu, pa ola achonga 12, ndipo pa maola atatu a madzulo 36. Ophunzira 360 otumiza tsiku lililonse afuna aphunzitsi khumi, onse olipidwa, ndipo ndalamazo zichokera kwa kholo lomwe likuvutika kale. Chachiwiri n'chachikulu kuposa ndalama. Apa pali munthu wamkulu amene akutumizirana mauthenga ndi mwana wa eni usiku. Ganizo lomwe silikunena kuti mauthenga adzadzera pa nambala ya bungwe, kuti adzasungidwa, ndi kuti kholo lingawamvere, silinamuganizire mtsikana ngakhale makolo ake. Ine pamenepa sindinyengerera. Lilandira 3, ndipo 3 ameneyu ndi wongoyembekezera mpaka mwini wake akakhale pansi ndi makolo komanso ophunzira enieni.

Chenjezo lina lili pa kuphatikiza. Ganizo lopeza 5, 5 ndi 1 limakwana 11, pomwe lopeza 4, 3 ndi 3 limakwana 10. Wongoyang'ana chiwerengero chonse asankha loyamba, chikhalirecho ndi chinthu chomveka bwino, chachilendo, chomwe palibe angachigwiritse ntchito. Njira yabwino ndi kuika malire: ganizo lililonse lopeza zochepera 3 pa kukwana anthu ake libwerere, kaya kwinako lakhoza motani. Ndi bwinonso kuti oweruza achonge aliyense payekha asanakambirane, ndipo pamene asiyana ndi malikisi awiri kapena kuposa, aliyense atchule umboni wake.

Potsata malire amenewa, ganizo loyamba, la 2, 1 ndi 2, lisapatsidwe ndalama. Lachiwiri, la 4, 4 ndi 3, liyesedwe kwa mwezi umodzi ndi kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi ndi nambala imodzi ya WhatsApp, asanalembe ntchito aliyense wopanga mapulogalamu.