Kuwerenga ophunzira amene ali m'magulu awiri

Tiyerekeze kuti a hedi akufunsani chiwerengero cha ophunzira a m'kalasi mwanu amene akuphunzira masamu kapena sayansi kapenanso zonse ziwiri. M'kalasimo muli ophunzira 40. Pa mndandanda wa masamu pali mayina 25 ndipo pa mndandanda wa sayansi pali mayina 22. Mukaphatikiza mupeza 47. Zingatheke bwanji kukhala 47 pamene kalasi yonse ili ndi ophunzira 40 okha?

Vuto lagona pa ophunzira amene akuphunzira maphunziro onse awiri. Mwana wotere dzina lake lili pa mindandanda yonse iwiri, choncho mwamuwerenga kawiri. Tinene kuti mutayang'anitsitsa mwapeza kuti ana oterewa alipo 12. Muwachotse kamodzi kuti aliyense awerengedwe kamodzi kokha:

25 + 22 − 12 = 35

Ndiye kuti yankho la a hedi ndi 35. Otsalawo, 40 − 35 = 5, sakuphunzira masamu ngakhale sayansi. Lamulo lake ndi ili: phatikizani magulu awiriwo, kenaka chotsani kamodzi chiwerengero cha amene ali konsekonse.

Ana amamvetsa msanga akaona ndi maso. Jambulani pa bolodi mizere iwiri yozungulira yolowana pakati, monga m'zithunzi zimene John Venn adafotokoza mu 1880. Yambani kulemba pakati, pamene mizereyo yalowana: 12. Kenaka lembani a masamu okha, 25 − 12 = 13, ndi a sayansi yokha, 22 − 12 = 10. Kunja kwa mizereyo lembani 5. Tsopano onkhetsani: 13 + 12 + 10 + 5 = 40. Chiwerengerochi chikapanda kufanana ndi cha kalasi yonse, dziwani kuti penapake palakwika.

Pochonga ntchito ya ophunzira muyembekezere mayankho awiri olakwika. Amene walemba 47 sadachotse kanthu. Amene walemba 23 wachotsa 12 kawiri, ndipo chimene wapezacho ndi chiwerengero cha ana ophunzira phunziro limodzi lokha, 13 + 10. Musangomuthetha ayi, mufunseni akuonetseni pa chithunzi ana amene 23 wakeyo akuimira. Musamalenso mawu a funso, chifukwa "ophunzira masamu" ndi 25 koma "ophunzira masamu okha" ndi 13.

Kumbukirani kuti lamuloli ndi la magulu awiri. Magulu akakhala atatu, mwana amene ali m'magulu onse amawerengedwa katatu n'kuchotsedwanso katatu, ndiye pamafunika kumubwezera kamodzi.

Ntchito

M'kalasi ya ana 50, ana 30 amasewera mpira, 24 amaimba kwaya ndipo 8 sachita chilichonse mwa ziwirizi. Kodi ndi angati amene amachita zonse ziwiri? Yambani ndi kupeza 50 − 8, kenaka muyerekeze yankholo ndi 30 + 24.