Mizere inayi yodzaza holo: kalembedwe ka uthenga woitanira ophunzira ku zokambirana za ntchito

Pafupifupi dipatimenti iliyonse pa yunivesite ili ndi gulu lake la ophunzira. Pali la ophunzira malamulo, la owerengera chuma, la mainjiniya, la zaulimi. Magulu amenewa nthawi zina amaitana munthu amene ali kale pantchito kuti adzafotokoze za mmene zinthu zilili kunjako. Komiti imavutika kupeza mlendo, kupempha chipinda ndi kukonza posita yokongola, koma mawu oyenda limodzi ndi positayo amangolembedwa mothamanga, zonse zitatha. Chonsecho mawu amenewa ndi omwe wophunzira amayamba kuona, ndipo ambiri amangoona omwewo basi.

Chifukwa chake ndi bandulo. Ophunzira ambiri amatseka foni kuti isamatsitse yokha zithunzi za pa WhatsApp. Posita ikafika m'gulupu ya kalasi imaoneka mbuu, ndipo chowerengeka ndi mawu apansi pake okha. Ngati mawuwo akungoti "Musaphonye!", munthu amene watsala ndi bandulo yongokwanira kutumizira asayimenti sangatsitse chithunzicho kuti aone chimene akuuzidwa kuti asaphonye. Pa Instagram ndi pa Facebook vuto ndi lina: uthenga wautali umadulidwa, ndipo wofuna kuumaliza amayenera kudina kaye. Choncho uthenga uyenera kumveka wokha popanda chithunzi, ndipo zofunika zikhale pamwamba.

Tiyerekeze kuti gulu la ophunzira zowerengera chuma laitana mlendo, ndipo mlembi wa komiti walemba chonchi:

"Moni nonse! Gulu lathu ndi lokondwa kukuitanirani ku zokambirana zapamwamba za ntchito mawa masana kuholo. Kudzabwera mlendo wolemekezeka. Bwerani nonse, musaphonye!"

Uthengawu ndi waulemu ndithu, koma wophunzira wa chaka chachitatu akauwerenga alibe pogwira. Sakudziwa ngati mlendoyo ndi wa kubanki, wa misonkho kapena wogulitsa inshulansi. Sakudziwa ngati masanawo ndi 1 koloko kapena 4 koloko, pomwe iye ali ndi kalasi 3 koloko. Holo nayonso sinatchulidwe dzina. Taonani tsopano uthenga womwewo utakonzedwa:

"Kodi ntchito ya odita imayamba bwanji, ndipo mayeso a ICAM mungayambe liti?
Wolankhula: odita wa kampani yofufuza mabuku a chuma, amenenso amafunsa mafunso polemba ntchito omaliza kumene sukulu.
Lachinayi pa 14 Malichi, 2 koloko mpaka 3:30 masana, mu Little Theatre.
Kulowa ndi kwaulere. Ophunzira a chaka chilichonse ndi olandiridwa."

Kusiyana kwakukulu kuli pa mzere wachiwiri. Makomiti ambiri amakonda kutsogoza dzina la mlendo ndi maudindo ake, poganiza kuti ndiwo ulemu. Ulemuwo ndi woyenera, ndipo dzina liyenera kukhalapo mwini wake akavomera, lolembedwa molondola monga amalilembera yekha. Koma pokhapokha ngati mlendoyo ndi wodziwika dziko lonse, dzina silikoka wophunzira. Chimene chimamukoka ndi ntchito imene munthuyo amagwira. Ndipo ntchitoyo itchulidwe mwachindunji. Mawu akuti "katswiri wa zachuma" ndi otakata kwambiri, angatanthauze wa ku Reserve Bank, wa ku MRA kapena mphunzitsi wa pa sukulu pomwepo, ndipo ophunzira ofuna kumva kwa anthu atatuwa ndi osiyana. Mukanena kuti odita, amene akulakalaka ntchito imeneyo amadziwa kuti msonkhanowu ndi wake. Mukawonjeza kuti amakhala nawo pofunsa mafunso olembera anthu ntchito, ngakhale amene anali ndi zochita zina amaziimika kaye.

Apa m'pamene komiti iyenera kusamala. Zolembedwazo zikhale zimene mlendo wavomera kudzakamba. Pali chizolowezi choipa cholemba kuti "mwayi wa ntchito ulipo" kapena "bwerani ndi CV", pomwe mlendoyo wangobwera kudzapereka uphungu. Holo imadzaza tsiku limenelo, koma ophunzira amatuluka okhumudwa, mlendo amachita manyazi, ndipo ulendo wotsatira gululo likaitana anthu sabwera. Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kutumiza uthengawo kwa mlendoyo kuti auone usanatuluke. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo ena amagwira ntchito m'makampani amene safuna dzina lawo lilembedwe pa posita popanda chilolezo.

Pa nthawi, mawu oopsa kwambiri ndi "mawa" ndi "lero". Uthenga wolembedwa Lachitatu usiku umatumizidwa kuchoka m'gulupu ina kupita m'gulupu ina, ndipo wina amauwerenga Lachinayi m'mawa n'kuganiza kuti mawa ndi Lachisanu. Akafika amapeza mipando itasanjikizidwa kale. N'chifukwa chake tsiku la sabata ndi deti ziyenera kulembedwa zonse, ndipo wina wa m'komiti aone pa kalendala ngati zikugwirizana. Kulemba "Lachinayi pa 15" pomwe pa 15 ndi Lachisanu kumagawa anthu pawiri. Nthawi yothera nayonso ilembedwe. Wophunzira wa ku Zomba amene amagona ku Chikanda amafuna kudziwa ngati adzatuluke kusanade, ndipo amene ali ndi labu madzulo amafuna kudziwa ngati akwanitse zonse ziwiri.

Malo atchulidwe ndi dzina limene ophunzira amagwiritsa ntchito. Ku UNIMA "kuholo" kungakhale ku Great Hall kapena ku Little Theatre, ndipo wa chaka choyamba amene sanazolowere kampasi angafunike kuuzidwa kuti chipindacho chayandikana ndi chiyani. Kwa masukulu okhala ndi makampasi angapo, monga KUHeS imene ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kapena LUANAR imene ili ndi Bunda ndi NRC, dzina la kampasi lisasowe, chifukwa ophunzira a makampasi osiyana amatha kukhala m'gulupu imodzi. Komanso musalengeze chipinda chimene akuluakulu a sukulu sanakupatseni. Uthenga ukangotuluka sumabwezeka. WhatsApp imalola kukonza zimene mwatumiza m'mphindi 15 zokha, ndipo makope amene anthu atumiza kale kwina amakhala momwemo osasintha. Malo akasintha, tumizani uthenga watsopano woyamba ndi mawu akuti MALO ASINTHA, ndipo patsikulo muimike munthu pakhomo lakale kuti azilozera anthu.

Za chilankhulo sizivuta. Mauthenga ambiri a pa yunivesite amalembedwa m'Chingerezi, ena amasakaniza ndi Chichewa kuti amveke ngati kucheza, ndipo zonsezi zimagwira ntchito malinga tsiku, nthawi ndi malo zisabisike m'nthabwala. Tizithunzi toseketsa tiwiri tikwana. Pa WhatsApp mungadetse mawu ofunika powaika pakati pa tinyenyezi, chonchi:

```
*Lachinayi pa 14 Malichi, 2 koloko masana*
```

Uthenga ukakonzeka, uonetseni kwa wophunzira mmodzi amene sali m'komiti, popanda posita, ndipo mumufunse kuti akubwera ndani, adzakamba chiyani, liti, kuti, ndipo kulowa ndi ndalama zingati. Akakayika pa funso limodzi, bwererani mukakonze mzere umenewo. Kenako perekani uthengawo kwa oimira makalasi kutatsala sabata imodzi, ndipo mudzaubwereze m'mawa wa tsikulo, chifukwa sitetasi ya pa WhatsApp imafufutika pakatha maola 24 ndipo m'magulupu a kalasi uthenga wa sabata yatha umakhala utakwiririka kale.